Momwe mungaikire m'bale pa chithunzi cha banja osaoneka womatidwa

Tinene kuti banja linajambulitsa pa chinkhoswe ku Ngabu masana, koma malume ali ku Joni. Kuti aoneke ngati analipo, ntchito yaikulu ili pa chithunzi chomwe atumize.

Yambani mwayang'ana mithunzi pa chithunzi cha banjalo. Dzuwa la kuno kuchigwa likakhala paliwombo, mphumi zimawala, m'maso ndi kunsi kwa chibwano mumada. Chithunzi chojambulidwa m'nyumba pa babu sichingagwirizane nazo ngakhale muchikonze usiku wonse. Apempheni malume ajambulitsenso panja nthawi ngati yomweyo, dzuwa liwawombe mbali yomwe likuwomba anzawo, wojambula ataimirira patali ndithu. Selufi ayi, imakulitsa mphuno. Avulenso jekete, poti palibe angakhulupirire jekete pa kutentha kwa Okutobala ku Ngabu. Potumiza pa WhatsApp asankhe Document kuti chithunzi chisafinyidwe.

Tsegulani zithunzi ziwirizo mu Photopea, yomwe ndi yaulere pa intaneti, cha malume muchiike pamwamba pa cha banjalo ngati chigawo chapachokha, chomwe amati Layer. Aikeni mzere wakumbuyo, pakati pa mapewa a anthu awiri. Mapazi akabisika mwapulumuka, chifukwa munthu womatidwa amagwidwira kumapazi, amaoneka ngati akuyandama.

Kukula kwake yezerani mutu, osati thupi. Ngati mutu wa bambo amene aima nawo pafupi ndi mapikiselo 180 kuchokera pachibwano kufika paliwombo, pomwe wa malume ndi 600, achepetseni ndi Edit > Free Transform mpaka 30 peresenti, m'litali ndi m'lifupi mofanana. Poyezapo sankhani wamkulu mnzawo wa mzere womwewo, chifukwa akutsogolo amaoneka akuluakulu. Kenako akwezeni kapena kuwatsitsa malinga ndi msinkhu wawo weniweni.

Podula musagwiritse Eraser. Ikani Raster Mask pa chigawo cha malume, nkupaka zakuda ndi burashi pomwe mukufuna kubisa. Mukapyola, zoyera zimabweza. Kulitsani chithunzi, muyende pang'onopang'ono m'makutu, m'tsitsi ndi m'mapewa. Kamzere kowala kozungulira munthu nkotsalira ka khoma lakwawo, choncho lowetsani burashi mkati pikiselo imodzi kapena ziwiri. Pomwe phewa la azakhali liyenera kuwatchinga, bisani malume, osati azakhali.

Tsopano mtundu. Ndi Image > Adjustments > Curves, kokani mpaka kolala yawo yoyera iwale ngati malaya oyera a ena. Malume akamaoneka akuthwa kuposa onse, apatseni Gaussian Blur wa 0.5 kapena 1, kenako Add Noise pang'ono kuti timadontho tifanane.

Mthunzi muujambule pa chigawo chatsopano, mwasankha Multiply ndi burashi yofewa, Opacity pafupifupi 20 peresenti, pomwe thupi lawo lagundana ndi la anzawo. Musanakachapitse, chionereni pa foni chili chaching'ono. Maso akathamangira kwa malume poyamba, kawirikawiri ndiye kuti awala kwambiri, bwererani ku Curves.