Khoma lomwe linkathawa

Pamsika wa Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, kawiri ndinaika oda yaikulu yogula pamwamba pang'ono pa "khoma" la ogula, lomwe ndi oda yaikulu kwambiri yodikira pamtengo umodzi, ndikumati mtengo sungatsike kudutsa pamenepo. Kawiri konse khomalo linazimiririka ngati mame, mtengo nkugwa, ine nkutsala nditagwira njakata.

Usiku wina kuno ku Area 25 ndinasiya kugula, nkungopenyetsetsa bukhu la maoda, lomwe limaonetsa maoda ogula ndi ogulitsa amene akudikira. Pamtengo wa 60,000 panali oda yogula ma Bitcoin 40, pomwe mizere yoyandikana nayo inali ndi imodzi kapena ziwiri. Mtengo utafika 60,050, khoma lija linachoka nkukamera pa 59,800, kukula kwake komweko. Ndinatsegula mndandanda wa malonda ochitikadi: pa 60,000 sipanagulidwe kanthu. Apa mpomwe ndinatulukira bodza. Khoma lenileni limadyedwa pang'onopang'ono, ndipo kudyedwako kumaoneka m'mndandandamo; lonama limangofufutidwa.

Tsopano powerengera kuya kwa msika, kutanthauza kuchuluka kwa maoda odikira, ndimachotsa kaye mzere wonenepa wokayikitsawo, nkuphatikiza yotsalayo. Oda yanga ndimaigawa panayi, pamitengo yosiyana, kuti nanenso ndisaoneke ngati khoma. Ena amabisa maoda awo, choncho bukhulo silionetsa zonse.