Kunyamula mankhwala a shuga pa ndege

"Ndimagwiritsa ntchito insulini ndipo ndikukwera ndege koyamba. Kodi ndinyamule bwanji mankhwala anga kuti asandilande?"

Choyamba, pemphani dokotala kuti akulembereni kalata yosainidwa ndi kudindidwa, yokhala ndi dzina lanu monga lilili pa pasipoti, dzina lenileni la mankhwalawo osati la kampani lokha, mlingo wa tsiku lililonse, komanso mawu osonyeza kuti mukufunika kuyenda ndi masingano. Ngati mulinso ndi mankhwala amphamvu oletsa ululu monga tramadol kapena codeine, funsani msanga ku ofesi ya kazembe wa dziko lomwe mukupita, chifukwa mayiko ena amafuna chilolezo chapadera ndipo kalata yokha siyikwanira.

Kenako longedzani mankhwala onse m'chikwama cham'manja, ali m'mapaketi awo okhala ndi dzina lanu, ndipo muwonjezere a masiku angapo poopa kuti ulendo ungachedwe. Apa ndikutsindika kwambiri: musayike insulini m'sutikesi yopita kumalo a katundu, popeza sutikesi imatha kusochera, komanso kumeneko kukazizira kwambiri insulini imawuma ngati ayezi n'kutha mphamvu. Mukawona timibulu kapena zoyera zomatirira m'botolo, musayigwiritse ntchito.

Pofika pamalo ofufuzira katundu, tulutsani mankhwalawo pamodzi ndi kalata musanafunsidwe. Mabwalo a ndege ambiri salola zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 pa botolo, koma mankhwala ofunikira paulendo amaloledwa mukawaonetsa, ngakhale kuti angawayeze padera. M'ndegemo, ikani chikwamacho pansi pa mpando wakutsogolo kwanu kuti muchifikire mosavuta.