Agogo, tiyeni tisinthe foni yanu kuti izilankhula Chichewa

Agogo, muli bwanji ku Ulongwe? Za foni ija musadandaule, yanga ndinaisintha chonchi kuno ku Joni.

Yanuyo ili m'Chipwitikizi. Pezani kachizindikiro kooneka ngati kagudumu kamano, pansi pake palembedwa Definições, mukadine. Tsikani mpaka pa Sistema, kenako Idiomas, ndiye Adicionar um idioma. Pakachizindikiro kofufuzira lembani Nyanja, poti limenelo ndi dzina lina la Chichewa.

Apa ndiye pofunika kwambiri, agogo: chikalowa pamndandanda chimakhala pansi pa Português. Chigwireni ndi chala, muchikokere pamwamba kuti chikhale nambala 1. Mukapanda kutero, foni siisintha kanthu.

Mawu ena adzatsalabe m'Chipwitikizi, musaope kuti mwaononga. Nyanja ikasowa pamndandandapo, ndiye kuti foni yanuyo ilibe. Mundiimbire madzulo tione limodzi.