Momwe mungasanthulire nkhani ya odwala ovulala ubongo musanavomere kuti "mbali iyi ndi ya ntchito yakuti"

Zambiri zomwe mabuku amanena za ntchito za mbali zosiyanasiyana za ubongo zinachokera kwa anthu odwala. Wina wagwidwa sitiroko, wina wachita ngozi, wina wachitidwa opaleshoni, kenako madokotala n'kuona kuti luso lina lasowa pomwe maluso ena ali bwinobwino. Umboni umene amauona ngati wamphamvu koposa ndi wa odwala awiri osiyana mopingasana: woyamba akutha ntchito iyi koma akulephera iyo, wachiwiri akutha iyo koma akulephera iyi. Hans-Lukas Teuber ndiye anatchukitsa kaganizidwe kameneka mu 1955. Umboniwu ndi wabwino ndithu, koma umanena zochepa kusiyana ndi zomwe anthu amaunenetsa. Tiyeni titenge odwala awiri odziwika, H.M. ndi K.F., tione mafunso oyenera kufunsa komanso ndondomeko yake.

Gawo 1: Lembani zomwe wodwala anachita, osati dzina la luso

Henry Molaison, amene mabuku ankamutchula kuti H.M. mpaka imfa yake mu 2008, anachitidwa opaleshoni mu 1953 ali ndi zaka 27 chifukwa cha khunyu. Dokotala William Scoville anachotsa zigawo za ubongo za m'kati cha m'litsipa mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo gawo lina la hipokampasi, kachigawo ka ubongo kokhudzana ndi kukumbukira. Kuyambira pamenepo H.M. sankasunganso zinthu zatsopano m'maganizo. Munthu amene wacheza naye lero, mawa ankakhala mlendo. Koma ukamuwerengera manambala angapo motsatizana, ankawabwereza nthawi yomweyo ngati munthu wina aliyense.

K.F., yemwe Elizabeth Warrington ndi Tim Shallice anamufotokoza mu 1969 ndi 1970, anavulala kumanzere kwa ubongo pa ngozi ya njinga yamoto. Iye ankabwereza nambala imodzi kapena manambala awiri basi, pomwe munthu wamkulu wabwinobwino amafika 6 kapena 7. Komabe ankatha kuphunzira mndandanda wa mawu n'kudzaukumbukira patapita nthawi.

Tengani pepala mujambule mabokosi anayi: odwala awiri, mayeso awiri. M'bokosi lililonse mulembe chimene anayezadi, monga "kubwereza manambala omva ndi khutu". Musalembe "chikumbukiro cha kanthawi kochepa", chifukwa limenelo ndi yankho kale, ndipo mukalilemba msanga mwatseka funso. Pa K.F. izi zili ndi phindu lenileni, pakuti akamuonetsa zilembo kapena manambala ndi maso ankachitako bwino kuposa akamuuza pakamwa. Chimene chinawonongeka sichinali kukumbukira kwa kanthawi kochepa konse, koma makamaka kusunga mawu omva.

Gawo 2: Onani ngati manambala akupingasanadi

Wodwala mmodzi wolephera ntchito imodzi satiuza zambiri. Mwina ntchito yolepherekayo ndi yovutirapo chabe, ndipo ubongo wovulala, kaya wavulala pati, umayamba kugonja pa zovuta. Wodwala wachiwiri amabwera kudzachotsa kukayikira kumeneku, koma amakuchotsa pokhapokha mukayerekeza odwalawo wina ndi mnzake pa mayeso amodzimodzi.

Nachi chitsanzo chongopeka. Wodwala A wapeza 80 pa mayeso X ndi 50 pa mayeso Y. Wodwala B wapeza 30 pa X ndi 45 pa Y. Wina anganene kuti A akuchita bwino pa X, B akuchita bwino pa Y, ndiye zapingasana. Ayi. Yang'anani Y yekha: A ali ndi 50, B ali ndi 45. B sanapose A pena paliponse. Chinthu chimodzi chokha chowonongeka pang'ono mwa A ndi kwambiri mwa B chingathe kubala manambala onsewa, ngati mayeso X amatsika mofulumira kuvulala kukamakula pomwe Y amatsika pang'onopang'ono. Chofunika ndi chakuti A apose B pa X, ndipo B apose A pa Y, mosiyana kokwanira kuti isakhale mwayi chabe. H.M. ndi K.F. akudutsa pamenepa: H.M. akuposa pa manambala, K.F. akuposa pa kuphunzira kokhalitsa.

Gawo 3: Funsani kuti "walephera" poyerekeza ndi ndani

Nthawi zambiri wodwala amamuyerekeza ndi kagulu kochepa ka anthu abwinobwino, ndipo apa ndi pomwe ofufuza ambiri amaterereka. John Crawford ndi David Howell anapereka njira yowerengera imene imalabadira kuchepa kwa gululo mu 1998:

```
t = (x − m) / (s × √((n + 1) / n))
```

Apa x ndi malikisi a wodwala, m ndi avereji ya gulu, s ndi muyeso wa kumwazikana kwa malikisi a gululo, n ndi chiwerengero cha anthu ake. Tinene kuti anthu ndi 5, avereji ndi 50, s ndi 5, ndipo wodwala wapeza 40. Poona msanga, watsika ndi ma s awiri, zomwe ambiri amazitenga ngati umboni wokwana. Koma mukawerengera mupeza t ili pafupifupi −1.83, pomwe pa gulu la anthu 5 pamafunika kuti t itsike kupitirira −2.13 kuti mufike pa mulingo wa 5 peresenti, womwe ofufuza amavomerezera kuti kusiyanako si mwayi chabe. Ndiye kuti kulephera kumeneku sikunatsimikizike.

Samalaninso ndi liwu lakuti "ali bwinobwino". Ngati mayeso ndi ophweka moti aliyense amakhoza onse, wodwala amene watsikako pang'ono saonekera.

Gawo 4: Fufuzani kukula kwenikweni kwa bala

Gawo limeneli ndi lofunika kuchedwapo, chifukwa mbiri yake ili ndi zodabwitsa. Scoville ankayesa kuti anachotsa masentimita pafupifupi 8 mbali iliyonse mwa H.M. Suzanne Corkin ndi anzake atamuunika ndi makina a MRI, anafotokoza mu 1997 kuti chochotsedwacho chinali chochepera, ndipo gawo lakumbuyo la hipokampasi linatsala. Komanso mpeni unatenga zina zoyandikana nazo, monga amigidala ndi khungu la ubongo lomwe limalowetsa mauthenga mu hipokampasi. Choncho H.M. payekha sangatiuze kuti hipokampasi yokha ndiyo mwini wake wa vutolo.

Zinachitikanso chimodzimodzi ndi Leborgne, wodwala wa Paul Broca wa mu 1861 ku Paris, amene ankangonena kuti "tan". Broca anasunga ubongowo osaudula, anangouona kunja. Nina Dronkers ndi anzake atauunika ndi MRI, analemba mu 2007 kuti bala linalowa m'kati kwambiri, mpaka m'mitsempha yoyera yolumikiza zigawo zotalikirana. Ngati mtsempha wolumikiza wadulidwa, zigawo ziwiri zamoyo zimaleka kulankhulana, ndipo ntchito imafa ngakhale kuti malo oichitira alipo.

Pa sitiroko pali chinanso. Bala limatsatira mtsempha wa magazi womwe watsekeka, osati malire a ntchito za ubongo. Zigawo zodyetsedwa ndi mtsempha umodzi zimafera limodzi nthawi ndi nthawi, ndiye chigawo chosalakwa chimapezeka pa chithunzi cha wodwala aliyense n'kusenza mlandu wa mnzake. Funso lothandiza ndi ili: kodi alipo odwala ovulala malo omwewo koma opanda vutolo? J.P. Mohr ndi anzake anasonyeza mu 1978 kuti bala longothera m'dera la Broca lokha, chigawo cha kutsogolo kumanzere kwa ubongo chomwe Broca anachigwirizanitsa ndi kulankhula, kawirikawiri limabweretsa vuto la kulankhula losakhalitsa.

Gawo 5: Funsani za nthawi ndi za ubongo usanavulale

Masiku oyambirira munthu atavulala, ubongo umatupa, ndipo zigawo zakutali zomwe zinkalandira mauthenga kuchokera pa balapo zimazilala kwa kanthawi, chinthu chimene Constantin von Monakow anafotokoza mu 1914. Mayeso a nthawi imeneyo amakuza vuto. Patapita miyezi kapena zaka, ubongo umakhala utasintha ndipo wodwala waphunzira njira zolambalala, ndiye mayeso amachepetsa vuto. Odwala awiri oyezedwa pa nthawi zosiyana akhoza kusiyana chifukwa cha nthawiyo basi.

Kaganizidwe konseka kamadaliranso kuti wodwala ndi munthu wamba amene wachotsedwa chinthu chimodzi. H.M. anali atadwala khunyu kuyambira ali mwana ndipo anamwa mankhwala ake zaka zambiri. Izi sizifafaniza zomwe ofufuza anapeza, koma ziyenera kulembedwa pa pepala lanu lija.

Gawo 6: Lembani chiganizo chomwe umboni ungachinyamule

Richard Gregory anapereka fanizo lothandiza: mukachotsa kachipangizo mu wailesi ndipo iyo n'kuyamba kulira mluzu, simunganene kuti ntchito ya kachipangizoko inali kuletsa mluzu. Bala limationetsa zomwe ubongo wotsalawo ukuchita, ndipo limasonyeza kuti chigawo chinali chofunika pa ntchito, osati kuti ntchitoyo inkachitikira m'menemo yonse.

Ngakhale kupingasana kwenikweni sikutsimikiza kuti muli mabokosi awiri odziimira paokha. Mu 1995 David Plaut anawononga malo osiyana mu netiweki ya pakompyuta yophunzitsidwa kuwerenga mawu. Kuwononga kwina kunavutitsa kwambiri mawu a zinthu zogwirika, kwina kunavutitsa mawu a zinthu zongoganizira, pomwe munalibe chipinda chapadera cha mtundu uliwonse wa mawu. Zinali zokwanira kuti mitundu iwiriyo idalire njira za netiwekiyo mosafanana.

Nanga H.M. ndi K.F. atipatsa chiyani? Mu 1968 Richard Atkinson ndi Richard Shiffrin anali atanena kuti uthenga umadutsa kaye m'nkhokwe ya kanthawi kochepa usanalowe m'nkhokwe yokhalitsa. K.F. anagwedeza ganizo limeneli, pakuti khomo likanakhala limodzi, sakanaphunzira chilichonse chokhalitsa. Chiganizo chotetezeka ndi ichi: kubwereza manambala omva ndi kuphunzira mawu kokhalitsa sizidalira zinthu zofanana ndendende, ndipo chilichonse chili ndi china chimene chinzake chingathe kupirira chikawonongeka. Chiganizo chodumpha malire ndi chakuti chikumbukiro cha kanthawi kochepa chimakhala pomwe K.F. anavulala, chokhalitsa chimakhala mu hipokampasi. K.F. akhoza kuti ankaphunzira mawu podalira tanthauzo lake, njira yomwe sithandiza kwenikweni pa mndandanda wa manambala. Kuti muyese zimenezi, fufuzani ngati wodwala wotereyu angaphunzire mawu achilendo opanda tanthauzo kwa iye. Alan Baddeley, Costanza Papagno ndi Giuseppe Vallar anachita zomwezo mu 1988 ndi wodwala wina wa ku Italy, P.V., wa vuto lofanana. Iye ankaphunzira bwino mawu awiriawiri a chinenero chake, koma akamuwerengera mawu a Chirasha kuti awalumikize ndi a Chitaliyana, ankalephera.