Werengani N musanagwiritse ntchito fomula ya Fraunhofer

Powerengera mmene kuwala kumamwazikira kukadutsa pa kampata kakang'ono, ambiri amathamangira fomula ya Fraunhofer poti ndi yosavuta, osayamba aona ngati chophimba chomwe kuwala kukugwerapo chili kutali mokwanira. Chonde yambani mwawerenga nambala ya Fresnel: N = a²/(λL). Apa a ndi theka la kukula kwa kampata, λ ndi kutalika kwa funde la kuwala, L ndi mtunda wokafika pa chophimba.

Tiyese ndi leza yofiira ya 633 nm ndi kampata ka 1 mm, kutanthauza a = 0.5 mm. Chophimba chikakhala pa masentimita 10, N ikuyandikira 4. Apa muli pafupi, gwiritsani ntchito njira ya Fresnel. Maso omwe akuuzani: kuwalako kumaonekabe ngati kampata komweko, koma kuli timizere m'kati mwake. Mukasunthira chophimbacho pa mamita 4, N imatsika kufika 0.1, ndipo Fraunhofer iyamba kugwira bwino. Mzere wapakati umatambasuka pafupifupi 5 mm, ndipo mukasunthabe chophimba chithunzicho chimangokula osasintha maonekedwe.

Chomwe chimapusitsa anthu ndi a² uja. Kampata kakakula kawiri, mtunda wofunika umakula kanayi. Ngati malo akuchepa, ikani lenzi yosonkhanitsa kuwala patsogolo pa kampata, chophimba chikhale pomwe lenziyo imakumanitsira kuwala. Pamenepo chithunzi cha Fraunhofer chimaoneka.