Vidiyo ya kalabu isamayambe ndi mawu a tcheyamani

Chaka chino makalabu ambiri ayamba kujambula mavidiyo a ulimi nkumaponya pa magulupu a WhatsApp, koma zina zomwe ndikuonazi zikundiwawa. Sabata yathayi kalabu ina inatumiza vidiyo ya kapangidwe ka manyowa a Mbeya, aja osakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza, mphindi 11. Mphindi zinayi zoyambirira ndi pemphero, kenako tcheyamani kupereka ulemu kwa amfumu, alangizi, mlembi mpaka msungichuma, wojambula naye akuzungulitsa foni kuti nkhope ya aliyense ioneke. Madeya ndi phulusa zinadzaoneka mphindi yachisanu.

Abale, vidiyo si msonkhano wa pansi pa mtengo. Pa msonkhano munthu amachita manyazi kunyamuka, pa foni amangodina nkutuluka ndipo palibe amuone. Komanso sekondi iliyonse ndi bandulo ya munthu, ndiye mukumulipiritsa kuti amve mayina a komiti yanu, pamenepo netiweki ya kumudzi ikungozungulira, foni yadzadza kale ndi zithunzi. Chizolowezi choti aliyense alankhuleko kuti asadandaule chitherethu.

Mayi wina wa mu kalabu yoyandikana anandiuza kuti "alangizi, ine bandulo inathera pa tcheyamani, zinazo ndinangofunsa mlamu wanga." Mlamuyo anaiwala kunena kuti thumba limangidwe bwino mpweya usalowe ndipo likhale masiku 21. Mayiwo anatsegula patatha sabata imodzi nkukathira m'munda, feteleza amene anasakanizamo anagula ndi ndalama ya mbuzi. Mfundo ya masiku 21 ija mu vidiyomo inanenedwa mphindi ya 10, ndi angati anafika kumeneko?

Tinakhala pansi ndi mnyamata wojambulayo pa CapCut, pulogalamu yodulira mavidiyo pa foni. Pemphero ndi malonje, Split kenako Delete. Amayi akusakaniza ndi fosholo mphindi zitatu zathunthu tinasiya masekondi 8, kusakaniza aliyense amadziwa. Ndakatulo ya kumapeto inapita yonse, mwini wake anakwiya koma basi. Zinatsala ndi zipangizo ndi miyezo yake, kufinya m'manja kuona ngati madzi akwana, kumanga thumba, ndi masiku 21 olembedwa pa sikilini. Mphindi imodzi ndi theka.

Za kutalika mwachidule. Pa gulupu ya alimi musadutse mphindi ziwiri, nkhani imodzi vidiyo imodzi. Pa Status, WhatsApp mu 2024 inakweza malire kuchoka pa masekondi 30 kufika 60, ikatalika imaduka zidutswa ndipo chachitatu anthu saonera. YouTube Shorts imalola mphindi zitatu. Yaitali ija sungani, mudzaonetse pa tsiku la chionetsero anthu atakhala pansi, kapena apatsane pa memore. Musanatumize, patsani munthu amene sanalipo aonere inu muli chete, pomwe wayamba kuyang'ana kumbali dulani pamenepo.