Momwe mungasiyanitsire indipendenti ndi myuchwale ekisikulusivu pa pulobabilite

Funso la pulobabilite likabwera pa mayeso a masamu a Fomu 4, ambiri mafomula amakhala kuti analoweza bwinobwino koma amasokonekera poti apa tiwonkhetse kapena tichulukitse, ndipo gwero la chisokonezocho ndi kutenga indipendenti ndi myuchwale ekisikulusivu ngati chinthu chimodzi. Si zofanana olo pang'ono, moti zinthu ziwiri zikakhala myuchwale ekisikulusivu ndiye kuti siziri indipendenti, bola chilichonse mwa ziwirizo chikhale choti chingathe kuchitika. Tengani dayisi imodzi, ya manambala 1 mpaka 6 ija, tione nayo zimenezi.

Poyamba lembani manambala onse a chinthu chilichonse, musamawerengere m'mutu. Tinene kuti A ndi kupeza nambala ya iveni, ndiye kuti 2, 4, 6 ndipo P(A) = 1/2. B ndi kupeza nambala ya odi, 1, 3, 5, nayonso P(B) = 1/2. C ndi kupeza 1 kapena 2, P(C) = 2/6 zomwe ndi 1/3.

Mukalemba, funsani funso loyamba: kodi ziwirizi zingachitikire limodzi pa kuponya kumodzi? Yang'anani A ndi B, palibe nambala yomwe ikupezeka mbali zonse, dayisi singagwe iveni komanso odi nthawi imodzi. Izi ndiye myuchwale ekisikulusivu basi, ndipo timalemba:

```
P(A ∩ B) = 0
```

Nanga A ndi C? 2 ali konsekonse, ndiye zingachitikire limodzi, siziri myuchwale ekisikulusivu. Funso ili silifuna kakyuleta, ndi kungoyang'ana ngati pali nambala yogawana.

Funso lachiwiri ndi lina, ndipo ndi pamene pagona nkhani. Munthu ataponya dayisi mobisa kenako n'kukuuzani kuti china chachitika, kodi mwayi wa chinacho ukusintha? Ngati sukusintha ndiye indipendenti. Tiyese A ndi C. Musanamve kanthu mwayi wa iveni ndi 1/2. Mnzanu akuti "yagwa 1 kapena 2", tsopano manambala otsala ndi awiri okha ndipo iveni ndi imodzi mwa awiriwo, mwayi ukadali 1/2. Zomwe wakuuzani sizinakuthandizeni chilichonse. Pa pepala la mayeso mumaonetsa pochulukitsa n'kufananiza:

```
P(A) × P(C) = 1/2 × 1/3 = 1/6
P(A ∩ C) = 1/6
```

Mbali zonse zafanana, A ndi C ndi indipendenti, chonsecho zikuchokera pa dayisi imodzi yomweyo ndipo zikugawana nambala 2. Ambiri amaganiza kuti indipendenti imafuna zinthu ziwiri zosiyana ngati dayisi ndi ndalama yachitsulo, inde kumeneko n'kosavuta kuona, koma chomwe chimagamula ndi kuchulukitsa kuja osati maonekedwe a funso.

Tsopano bwererani pa A ndi B muchite chimodzimodzi. Mnzanu akuti yagwa odi. Mwayi wa iveni unali 1/2, pano watsika mpaka 0, wasinthiratu. Kuchulukitsa kukupereka 1/2 × 1/2 = 1/4 pomwe P(A ∩ B) ndi 0, sizikugwirizana ayi. Zili ngati Bullets ikusewera ndi Wanderers, wina akangokuuzani kuti Bullets yawina simufunsanso ngati Wanderers yawina gemu yomweyo, mwadziwa kale. Zinthu zoti china chikachitika chinzake chatsekeredwa njira ndi zodalirana kwambiri, nanga si china chikulamula chinzake. Ndipo nthawi zonse zimatero chifukwa mukachulukitsa manambala awiri oposa 0 simungapeze 0.

Ine ndimaona kuti chomwe chimanamiza ophunzira ambiri ndi chithunzi cha Venn. Akaona mizere yozungulira iwiri yosakhudzana amati eya, izi sizikukhudzana ndiye ndi indipendenti. Ayi ndithu, yosakhudzanayo ndi myuchwale ekisikulusivu. Za indipendenti pa chithunzi zimalowana, ndipo ndi maso okha simungadziwe, mpaka muwerengere kachigawo kapakati kaja muone ngati kakufanana ndi P(A) × P(C).

Musaganizenso kuti ngati sizili uku ndiye zili uko. Tengani D kukhala 1, 2, 3. A ndi D zikugawana 2, kotero si myuchwale ekisikulusivu. P(A) × P(D) ndi 1/4 koma P(A ∩ D) ndi 1/6, kotero si indipendentinso. Zoterezi zilipo zambiri, zosakhala mbali iliyonse.

Mukadziwa mtundu wake ndi pamene mumasankha fomula, osati musanadziwe. Funso likamati A kapena C, fomula yosakugwetsani ndi iyi:

```
P(A ∪ C) = P(A) + P(C) − P(A ∩ C)
```

Ndiye 1/2 + 1/3 − 1/6 = 4/6. Werengani nokha, manambala ake ndi 1, 2, 4, 6, anayi mwa asanu ndi limodzi, zagwirizana. Amene amangowonkhetsa amapeza 5/6 chifukwa 2 uja wamuwerenga kawiri. Kungowonkhetsa osachotsa kanthu kumaloledwa pa myuchwale ekisikulusivu pokha, poti choti muchotsecho chimakhala 0 kale. Lamulo loti "funso likati 'kapena' wonkhetsani, likati 'ndi' chulukitsani" lomwe ana amaloweza lija limagwira pena, pena limakupweteketsani.

Onani momwe manambala omwewo amaperekera mayankho awiri. Pa funso lina losakhudza dayisi ija akupatsani P(A) = 0.4 ndi P(B) = 0.5, akufuna A kapena B. Funso likati ndi myuchwale ekisikulusivu yankho ndi 0.9. Likati ndi indipendenti, muyambe mwachulukitsa mupeze 0.2, kenako 0.4 + 0.5 − 0.2 = 0.7. Ndiye dulani mzere pansi pa mawu amenewo mu funso musanagwire kakyuleta. Komanso mukawonkhetsa n'kupeza nambala yoposa 1, monga 0.7 + 0.6 = 1.3, imani pomwepo, pulobabilite sidutsa 1, ndiye kuti ziwirizo zikulowana penapake ndipo pali choti muchotse.

Msampha wina uli pa mafunso a thumba la mipira. Muli mipira yofiira 5 ndi yobiriwira 3, mukutola iwiri wina pambuyo pa unzake, akufuna yonse ikhale yofiira. Ngati woyamba mukuubwezera m'thumba, kutola kwachiwiri kukupeza thumba lili momwe linalili, ndi indipendenti, 5/8 × 5/8 = 25/64. Koma ngati simukubwezera, mwatsala mipira 7 ndipo yofiira ndi 4, ndiye ndi 5/8 × 4/7 = 20/56 zomwe ndi 5/14. Kuchulukitsa mukuchulukitsabe koma nambala yachiwiri yasintha chifukwa cha zomwe zachitika poyamba, ndiye musamati poti ndachulukitsa basi ndi indipendenti. Mukajambula tiri dayagilamu zimaoneka msanga: nthambi zachiwiri zikakhala ndi manambala omwewo kaya poyamba munatola wofiira kaya wobiriwira, ndi indipendenti, zikasiyana monga 4/7 pamwamba ndi 5/7 pansi, si indipendenti. Mayankho a kumapeto kwa nthambi aja, wofiira-wofiira, wofiira-wobiriwira ndi enawo, ndi myuchwale ekisikulusivu, n'chifukwa chake amenewo mumangowonkhetsa, ndipo onse anayi mukawaphatikiza ayenera kukwana 1, akapanda kukwana bwererani pa nthambi zachiwiri muone ngati munachepetsa mipira.